Phunziro la Mwezi Uno: Kalembedwe ka Chimangirizo cha Mtsutso

Mwezi uno phunziro lathu ndi la aphunzitsi, ana a sukulu a m'makalasi apamwamba, ndiponso makolo amene ali m'komiti ya sukulu. Tikambirana kalembedwe ka chimangirizo cha mtsutso cha ndime zisanu. Mutu umene tigwiritse ntchito ndi uwu: "Kodi nkoyenera kuti mwana aliyense azikakamizidwa kuvala yunifolomu kusukulu?" Mutuwu si wongoyeserera ayi. Pamene anthu akutsutsana za nkhaniyi, pali mwana wina amene mawa adzalowa m'kalasi kapena adzabwezedwa pakhomo pa kalasi, malinga ndi mmene akuluakulu agamulire.

Chimangirizo cha mtsutso nchiyani?

Nonse mudziwa mmene mlandu umayendera pabwalo la mfumu. Wodandaula sanena kuti, "Mwina mnzangayu walakwa, mwinanso sanalakwe." Iye amanena poyera chimene akufuna, napereka zifukwa ndi mboni. Akakhala wochenjera amadziwiratu chimene mnzake adzanene, ndipo amabwera ndi yankho lake. Chimangirizo cha mtsutso chili chimodzimodzi. Wolemba amasankha mbali imodzi, naiteteza ndi zifukwa, namvera zonena za otsutsa, naziyankha. Apa ndi pamene chisiyana ndi chimangirizo chofotokoza, chimene chimangonena maonekedwe a chinthu popanda kugamula.

Ndime zisanuzo zili ndi ntchito zake. Yoyamba ndi chiyambi, mmene wolemba anena mbali imene waima. Yachiwiri ndi yachitatu zipereka zifukwa, ndime iliyonse chifukwa chimodzi. Yachinayi ndi ya otsutsa pamodzi ndi yankho lake. Yachisanu ndi mathero. Aphunzitsi ena amaphunzitsa kuti ndime zitatu zonse zapakati zikhale za zifukwa, ndi kuti otsutsa ayankhidwe m'kati mwa ndimezo. Njira imeneyonso ndi yabwino, koma kwa oyamba kumene nkwapafupi kupatsa otsutsa ndime yawoyawo, kuti asaiwalike.

Ganizo lalikulu

Nyumba yozungulira imadalira mzati wapakati. Mzati wa chimangirizo ndi chiganizo chimodzi chimene chinena mbali yanu ndi zifukwa zake mwachidule. Tichitcha ganizo lalikulu. Musayambe kulemba ndime ina iliyonse musanalipeze.

Taonani ziganizo zitatu izi. Choyamba: "M'chimangirizo chino ndikamba za yunifolomu." Ichi si ganizo lalikulu, pakuti changotchula mutu. Chachiwiri: "Yunifolomu ili ndi ubwino wake ndi kuipa kwake." Ichinso sichithandiza, pakuti palibe munthu angachikane, ndipo popanda wokana palibe mtsutso. Chachitatu: "Yunifolomu isakhale yokakamiza m'sukulu za pulaimale za Boma, chifukwa mtengo wake umalemera mabanja osauka, ndiponso kubweza mwana kumamutayitsa maphunziro." Ichi ndicho choyenera.

Njira yoyesera ganizo lalikulu ndi yapafupi. Liwerengeni mokweza pamaso pa mnzanu, ndipo mumufunse ngati munthu wanzeru angathe kuyankha kuti, "Ayi, ine sindikuvomereza." Ngati angathe, ganizo lanu laima. Onaninso kuti chiganizo chachitatucho chachepetsa munda wolima. Sichikunena za sukulu zonse, koma za pulaimale za Boma zokha. Sukulu ya sekondale yogonera komweko, kapena sukulu imene makolo amalipira mwa kufuna kwawo, ili ndi nkhani ina. Wolemba amene afuna kukamba za sukulu zonse m'ndime zisanu amangokanda pamwamba.

Chinanso, yang'anitsitsani mawu a m'funso. Funso silikuti, "Kodi yunifolomu ndi yabwino?" Likuti, "Kodi ikhale yokakamiza?" Munthu angathe kuikonda yunifolomu koma nkukana kuti mwana azibwezedwa chifukwa cha iyo. Ana ambiri amataya malikisi pamenepa: amadzaza tsamba lonse ndi kukongola kwa yunifolomu, osakhudza konse mawu akuti "kukakamiza".

Kusonkhanitsa mfundo

Musanalembe, tengani pepala lapadera ndi kulemba mzere pakati. Kumanzere lembani zifukwa za ofuna kukakamiza, kumanja za okana. Mphunzitsi angachite zomwezi pabolodi ndi kalasi yonse.

Kumanzere kudzapezeka zotere: yunifolomu imabisa kusiyana kwa mwana wa wolemera ndi wa wosauka, imadziwitsa anthu kuti uyu ndi mwana wa sukulu yakuti akamayendayenda pamsika nthawi ya maphunziro, imaphunzitsa ukhondo ndi mwambo. Kumanja kudzapezeka zotere: yunifolomu imafuna ndalama, mwana wobwezedwa amaphonya maphunziro, mwana wa yunifolomu imodzi yokha amajomba ikachapidwa nkukana kuuma nthawi ya dzinja.

Tsono sankhani. Kumbali yanu tengani zifukwa ziwiri zolimba koposa. Kumbali ya otsutsa tengani chimodzi, ndipo chikhale cholimba koposa zonse, osati chofooka. Kugwetsa mfundo yofooka sikukopa munthu, pakuti wowerenga amati mumtima mwake, "Nanga ija yeniyeni bwanji waizemba?" Pamutu wathu mfundo yolimba ya otsutsa ndi ija yakuti yunifolomu imabisa umphawi. Ndi yolimba chifukwa ikuteteza mwana wosauka yemweyo amene ifenso tikuti tikumuteteza.

Umboni ndi malire ake

Chifukwa chopanda umboni chili ngati mlandu wopanda mboni. Nawu umboni wamitundu itatu umene ungathandize pamutu uno.

Woyamba ndi wa mbiri ya dziko lathu. M'chaka cha 1994 Boma la Malawi linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo linanenanso kuti yunifolomu si yokakamiza. Chiwerengero cha ana olembetsa chinakwera kuchoka pa 1,900,000 kapena kuyandikira pamenepo, kufika pafupifupi 3,000,000. Koma chenjerani. Mwana akalemba kuti, "Ana onsewa anabwera chifukwa yunifolomu inachotsedwa," wanena zoposa umboni wake, pakuti fizi ndi yunifolomu zinachotsedwa nthawi imodzi, ndipo sitingathe kugawa kuti awa anabwera chifukwa cha ichi, awo chifukwa cha icho. Chimene umboniwu utilola kunena ndi chakuti zolipira za sukulu zikachepa, ana ambiri amabwera.

Wachiwiri ndi wa malamulo. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko la Malawi linena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro.

Wachitatu ndi wa kafukufuku. Kumadzulo kwa dziko la Kenya, kuyambira m'chaka cha 2003, akatswiri atatu, Esther Duflo, Pascaline Dupas ndi Michael Kremer, anachita kafukufuku m'sukulu za pulaimale 328. M'sukulu zina ana a Sitandade 6 anapatsidwa yunifolomu yaulere, m'zina ayi. Patapita zaka, anapeza kuti osiya sukulu anali ochepa kumene kunaperekedwa yunifolomu. Apanso pafunika nzeru. Wina angafulumire kunena kuti, "Mwaona, yunifolomu imasunga ana pasukulu, choncho ikakamizidwe." Koma chimene chinasintha kumeneko si lamulo ayi, koma wolipira. Kafukufukuyu aonetsa kuti kumene yunifolomu imafunika, mtengo wake umachotsa ana ena pasukulu. Sanena kuti nsalu imawonjezera nzeru.

Ngati mulibe umboni wa m'mabuku, musapeke manambala. Werengerani zimene aliyense angathe kuzitsimikiza yekha, monga muone m'ndime yachiwiri ya chitsanzo chathu.

Chitsanzo, ndime ndi ndime

Ndime yoyamba, chiyambi:

*M'sukulu zambiri za pulaimale m'dziko muno ana amavala zofanana: anyamata malaya ndi kabudula, atsikana diresi, za mtundu umene sukulu inasankha. Makolo ndi aphunzitsi ena amafuna kuti mwana wosavala chotero azibwezedwa kunyumba. Koma yunifolomu isakhale yokakamiza m'sukulu za pulaimale za Boma, chifukwa mtengo wake umalemera mabanja osauka, ndiponso kubweza mwana kumamutayitsa maphunziro.*

Ziganizo zitatu zakwana. Choyamba chaonetsa mmene zinthu zilili, chachiwiri chaonetsa pamene pali mkangano, chachitatu ndilo ganizo lalikulu. Zifukwa ziwiri zatchulidwa m'dongosolo lomwe zidzabwerere m'munsimu. Palibe chifukwa choyambira ndi mawu akuti, "Kuyambira kalekale anthu akhala akuvala zovala." Mawu otero amadya nthawi ndi pepala chabe.

Ndime yachiwiri, chifukwa choyamba:

*Poyamba, yunifolomu ndi katundu wolemera kwa banja losauka. Sukulu ya pulaimale ili ndi makalasi 8, ndipo mwana amakula chaka ndi chaka. Ngakhale yunifolomu imodzi itakhala zaka ziwiri, mwana mmodzi adzafuna zinayi asanamalize Sitandade 8, ndipo banja la ana atatu lidzafuna 12. Iliyonse ifuna nsalu ya mtundu woikika ndi malipiro a telala. Mlimi amapeza ndalama akakolola, koma yunifolomu ingathe kung'ambika mu Januwale, pamene nkhokwe yatsika ndipo ndalama yotsala ikudikira chimanga. Kukakamiza yunifolomu ndiko kubwezeretsa fizi polowera khomo lakuseri.*

Onani mamangidwe ake. Chiganizo choyamba chanena mfundo ya ndime. Zotsatira zapereka umboni wowerengeka, ndipo mawu akuti "ngakhale itakhala zaka ziwiri" aonetsa kuti uku nkuyerekeza, si chiwerengero cha Boma. Chiganizo chomaliza chabwezera wowerenga ku mawu aja akuti "kukakamiza". Ndime iliyonse yapakati iyende chomwechi: mfundo, umboni, kenaka kubwerera ku ganizo lalikulu.

Ndime yachitatu, chifukwa chachiwiri:

*Chachiwiri, lamulo lokakamiza limafuna chilango, ndipo chilango chake chimagwera mwana amene sagwira ndalama. Mwana akabwezedwa kwa sabata imodzi waphonya masiku asanu a maphunziro, ndipo masamu a mawa amamangidwa pa masamu a lero. Akabwerera amapeza anzake ali patsogolo, nagwa ulesi, ndipo ena sabwereranso. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino linena kuti aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. M'chaka cha 1994, pamene Boma linachotsa fizi ndi kuleka kukakamiza yunifolomu, ana olembetsa anachuluka kufika pafupifupi 3,000,000, kusonyeza kuti zolipira zinkatsekereza ambiri. Sikoyenera kutsekanso khomo limene linatsegulidwa.*

Ndime iyi si kubwereza yachiwiri. Yachiwiri yakamba za thumba la kholo, iyi yakamba za mutu wa mwana. Mukaona kuti ndime ziwiri zingathe kusinthana umboni popanda chovuta, dziwani kuti muli ndi chifukwa chimodzi chokha chimene mwachiveka malaya awiri, ndipo funani china.

Ndime yachinayi, otsutsa ndi yankho:

*Ena amati yunifolomu ndiyo imateteza mwana wosauka, pakuti onse akavala zofanana palibe woseka mnzake chifukwa cha zigamba. Mfundoyi ndi yoona, ndipo manyazi a zovala angathedi kumulepheretsa mwana kupita kusukulu. Koma yunifolomu imabisa umphawi wa mwana yekhayo amene wakwanitsa kuipeza. Amene walephera, lamulo lokakamiza limamuonetsa poyera koposa, pakuti amatulutsidwa pamzere anzake onse akuona. Kafukufuku wa m'sukulu 328 ku Kenya anapeza kuti ana atapatsidwa yunifolomu yaulere, osiya sukulu anachepa. Choncho mankhwala a manyazi ndi kumuthandiza mwana kupeza chovala, osati kumubweza.*

Ndime iyi ili ndi masitepe atatu. Loyamba, nenani mfundo ya otsutsa mwachilungamo, kotero kuti mwini wake ataimva avomere kuti, "Inde, ndi zimene ndikunena." Lachiwiri, vomerezani chimene chili choona m'menemo. Kuvomereza sikugonja ayi. Kumachititsa wowerenga kukukhulupirirani. Lachitatu, yankhani, ndipo yankho likhale lalitali kuposa mfundo ya otsutsa. Mawu akuti "ena amati" amatsegula khomo la otsutsa, ndipo mawu akuti "koma" amalitseka. Mukaiwala "koma" ameneyu, wowerenga adzayesa kuti mwasintha maganizo pakati pa njira.

Ndime yachisanu, mathero:

*Yunifolomu ndi chovala chabwino, ndipo makolo amene angathe ayenera kulimbikitsidwa kugulira ana awo. Koma poti mtengo wake umalemera osauka, ndipo chilango chake chimamulanda mwana maphunziro, isakhale chiphaso cholowera m'kalasi. Komiti ya sukulu ipemphe kuti mwana aliyense azibwera wosamba ndi wovala zochapa, ndipo isonkhanitse mayunifolomu a ana amene amaliza Sitandade 8 kuti apatsidwe kwa osowa.*

Mathero abwereza ganizo lalikulu m'mawu ena, natchula chochita. Sabweretsa chifukwa chatsopano. Mukakumbukira chifukwa chabwino pamene mwafika kumathero, chisiyeni, kapena bwererani mukachiike m'ndime yake, pakuti kumathero kulibe malo ochitetezera.

Kwa ofuna kuima mbali inayo

Wina asaganize kuti mbali imene tatenga ndiyo yokha yopatsa malikisi. Woyesa sayang'ana ngati mukugwirizana naye, koma ngati mwamanga bwino. Wofuna kuvomereza angalembe ganizo lalikulu lotere: "Yunifolomu ikhale yokakamiza, chifukwa imachepetsa kunyozana pa zovala ndipo imathandiza mudzi kuzindikira ana othawa sukulu, malinga osowa athandizidwe kuipeza." Pamenepo ndime yachinayi iyenera kukumana ndi nkhani ya mtengo maso ndi maso. Ayenera kunena amene adzalipire, ndi chimene chidzachitikire mwana pamene thandizo lachedwa. Akazemba funso limeneli, chimangirizo chake chagwa, ngakhale Chichewa chake chikome chotani.

Zolakwa zofala ndi kazindikiridwe kake

Cholakwa choyamba ndi kuima pakati. Muchizindikira ndi mathero onena kuti, "Zili kwa munthu aliyense kusankha." Mphunzitsi awerenge chiganizo chomaliza cha chiyambi ndi ndime yomaliza zokha. Akalephera kudziwa mbali ya mwanayo, palibe mtsutso.

Chachiwiri ndi kuthira mfundo zambiri m'ndime imodzi. Muchizindikira ndi mawu akuti "komanso" obwera kanayi kapena kasanu, chiganizo chilichonse ndi nkhani yake. Mfundo zisanu zopanda umboni zimapepuka kuposa imodzi yotetezedwa bwino.

Chachitatu ndi kunyoza otsutsa, monga kulemba kuti, "Ofuna yunifolomu ndi anthu odana ndi amphawi." Uku nkumenya munthu m'malo moyankha mfundo yake, ndipo nkunama, pakuti taona kuti ambiri a iwo amafunira mwana wosauka zabwino.

Chachinayi ndi mawu okuza zinthu, monga "onse", "nthawi zonse" ndi "palibe ndi mmodzi yemwe". Mukalemba kuti ana onse obwezedwa amasiya sukulu, wotsutsa angotchula mwana mmodzi amene anabwerera, ndipo mfundo yanu yafa. Lembani "ena" kapena "ambiri", malinga ndi umboni umene muli nawo.

Pomaliza pali kayesedwe kamodzi kogwira zolakwa zambiri. Werengani chiganizo choyamba cha ndime yachiwiri, yachitatu ndi yachinayi, pamodzi ndi ganizo lalikulu. Ziganizo zinayizi zikamveka ngati nkhani imodzi yachidule, mafupa a chimangirizo ali m'malo mwake.

Ntchito ya mwezi uno

Aphunzitsi, gawani kalasi pawiri. Gulu lina lilembe zifukwa zovomereza, lina zokana. Kenaka magulu asinthane mapepala, ndipo mwana aliyense asankhe papepala la anzake mfundo imene ikumuvuta koposa, ndi kulemba ndime yachinayi yokha, ya ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Tsiku lotsatira alembe ganizo lalikulu ndi ndime zinazo. Kuyamba ndi ndime ya otsutsa kumathandiza, pakuti mwana akadziwa pamene mdani adzalowere, amasankha bwino zifukwa zake.

Inunso a komiti ya sukulu, nkhani ya yunifolomu ikadzabwera pamsonkhano, yesani njira yomweyi. Wolankhula aliyense anene mbali yake m'chiganizo chimodzi, apereke zifukwa ziwiri, ndipo asanakhale pansi abwereze mfundo ya mnzake wotsutsa ndi kuiyankha.